Mizere yosalingana m'mindandanda

Pa hanging indent, mzere woyamba wa ndime umayambira kumanzere kwenikweni, yotsatirayo nkulowa mkati. Ndondomeko ya APA imafuna kuti pamndandanda wa mabuku mizereyo ilowe theka la inchi, masentimita 1.27, kuti mayina a olemba aoneke msanga.

Nthawi zambiri vuto limayamba wolemba akakankha mzere wachiwiri ndi Tab kapena Spacebar. Akangosintha kukula kwa zilembo, mpatawo umapezeka pakati pa chiganizo. Pamndandanda wa madontho wopanda hanging indent, mzere wachiwiri umagwera pansi pa dontho m'malo molunjika chilembo choyamba.

Mu Microsoft Word, Ctrl+Shift+8 imaonetsa mipata yobisikayo ngati timadontho ndi timivi. Ikafufutidwa, Ctrl+T imalowetsa mizere yotsatira mofanana.