Mavidiyo a mndandanda umodzi azioneka ngati ana a mimba imodzi

Tinene kuti mukujambula mavidiyo khumi ophunzitsa ulimi wa mbatata ya kachewere ku Tsangano, ndipo muziwatumiza pa WhatsApp. Mlimi wa ku Furancungo akawalandira pa foni, ayenera kudziwa nthawi yomweyo kuti onse ndi anu. Akasokonezeka, gawo lachitatu adzalidumpha, nʼkubzala mbewu yodwala.

Ndiye musanajambule, sankhani zinthu zitatu ndipo muzilembe mʼkope.

Choyamba ndi chiyambi. Chisapitirire masekondi 5: dzina la mndandanda, nambala ya gawo, ndi kanyimbo komweko nthawi zonse.

Chachiwiri ndi kalembedwe ka zilembo. Sankhani mtundu umodzi wokhuthala, wowerengeka pa foni yaingʼono. Yesani kulemba mawu oti “Malaŵi” ndi “Moçambique”. Ngati pa ŵ kapena ç patuluka kabokosi, mtunduwo usiyeni.

Chachitatu ndi mitundu. Iwiri yakwana. Musamangoti “wobiriwira”, chifukwa maso amanama. Lembani nambala yake, monga `#2E7D32`, ndi woyera `#FFFFFF` wa mawu.

Mukamaliza gawo loyamba mu CapCut, musalifufute. Likhale chikombole chanu, ngati cha njerwa: likopereni, musinthe zithunzi ndi nambala basi.

Musanatumize gawo latsopano, liyerekezeni ndi loyamba pa mafoni awiri. Ngati mutu wasuntha kapena kanyimbo kakwera mawu, bwererani ku chikombole mukonze.