Chifukwa Chake Zipani Zazikulu Zimakhala Ziwiri, ndi Pamene Lamuloli Lilephera

Pa chisankho cha aphungu m'Malawi, amene wapeza mavoti ochuluka kuposa anzake ndiye apambana, ngakhale asafike pa theka. M'chaka cha 1951 Mfalansa wina wophunzira, Maurice Duverger, analemba kuti kusankha kotere kumaonjetsa zipani zazing'ono kufikira zitatsala ziwiri.

Chifukwa chake nchotere. Tiyese kuti pa Nsaru pali anthu 100 oponya voti. Woyamba apeza 40, wachiwiri 35, wachitatu 25. Woyambayo atenga mpando, chinkana anthu 60 sanamfune. Tsono chisankho chikabweranso, aja 25 amaona kuti voti yawo inagwera m'madzi, nasamukira kwa amene amyesa wabwinoko mwa awiri akuluwo. Nawonso atsogoleri ndi eni chuma safuna kulima munda wosabala. Motero chipani chachitatu chimafota.

Koma mbiri ya dziko lino ionetsa malire a lamuloli. Pa chisankho cha 1994 panali mipando 177. UDF inatenga 85, MCP 56, ndipo AFORD 36. Zipani zinalimba zitatu, chifukwa chilichonse chinali ndi kwawo. AFORD inatenga mipando yonse 33 ya Kumpoto, UDF inakula Kummwera, ndipo midzi ya ku Namitete, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma inaima ndi MCP, monga Chigawo cha Pakati chambiri.

Apa ndipo pagona nkhani. Lamulo la Duverger limagwira ntchito m'dera limodzi limodzi, osati m'dziko lonse pamodzi. Munthu wa ku Kabudula amene anavotera MCP sanataye voti yake, pakuti kwawoko chipanicho chinali patsogolo, ngakhale chinali chachiwiri m'dziko. Chimodzimodzi wa ku Rumphi amene anavotera AFORD. Dera lililonse likhoza kukhala ndi opikisana awiri, koma awiri a ku Lilongwe sali awiri a ku Rumphi. Mukawawerenga onse ku Nyumba ya Malamulo, apitirira awiri.

Ngakhale pa mpando wa pulezidenti, pamene dziko lonse ndi dera limodzi, kukonda kwawo kunagonjetsa kuwerenga. Mu 2014 Peter Mutharika anapambana ndi mavoti 36 pa 100 alionse, Lazarus Chakwera 28, Joyce Banda 20, Atupele Muluzi 14. Ovota sanathe kudziwiratu awiri otsogola, choncho aliyense anakhala ndi wake.

Pa 3 February 2020 khoti linafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, nilinena kuti wopambana ayenera kupitirira theka. Pomwepo zipani zinagwirana manja m'magulu awiri, ndipo mu June 2020 Chakwera anapambana. Chodabwitsa nchakuti magulu awiriwo anabadwa lamulo la mavoti ochuluka chabe litachotsedwa.