Nthawi Yosungila Mkaka wa M'mabele Wofinya

Amayi oyamwitsa amene amapita ku nchito, ku msika kapena ku munda angafinye mkaka na kusiyila wolela mwana. Utali wa nthawi imene mkakawo ungakhale bwino udalila pa kuzizila kwa malo amene mwauika, cifukwa tuzilombo toyambitsa matenda tumaculuka msanga pa malo ofunda.

M'nyumba cabe

Mkaka wofinya kumene ungakhale maola 4 m'cipinda cimene kutentha kwake sikupitilila madigiri 25. Ngati munasamba bwino m'manja, kapu ni yoyela komanso yovinikila, ndipo malo ni ozizilila, ungafike maola 6 mpaka 8. Koma m'nyengo yotentha monga mu Okutobala, musapitilile maola 4. Ikani kapuyo pamthunzi, kutali na mbaula.

Mu filiji

Mu filiji yozizila madigiri 4, mkaka ukhala masiku 4. Muziuika mkati kumbuyo, osati pa citseko, cifukwa pa citseko pamafunda nthawi zonse mukatsegula.

Mu filiza

Mu filiza ya madigiri -18, mkaka ukhala bwino miyezi 6, ndipo usapitilile miyezi 12. Koma m'kabokosi ka aisi kamene kali mkati mwa filiji ya citseko cimodzi, sungani milungu iŵili cabe. Musadzaze botolo mpaka pakamwa, cifukwa mkaka ukauma umafufuma.

Citsanzo

Mayi wafinya mkaka pa Mande 6 koloko m'maŵa, ndipo walemba tsiku na nthawi pa botolo. Akausiya pa thebulo, mwana aumwe isanakwane 10 koloko. Akauika mu filiji nthawi yomweyo, ufika pa Cisanu m'maŵa. Ngati aona kuti sudzamwedwa pofika tsikulo, auike mu filiza mwamsanga, osayembekezela tsiku lothela.

Kusungunula

Sungunulani mkaka wouma mu filiji usiku wonse, kapena imikani botolo m'madzi ofunda. Musauŵilitse pa moto. Ukasungunuka wonse, ukhala maola 24 mu filiji, kapena maola aŵili kunja, ndipo suyenela kuumitsidwanso. Wotsala mwana atamwa, tayani pakapita maola aŵili.

Malaiti akazima

Musamatsegule citseko. Filiji yotseka imasunga kuzizila pafupi-fupi maola 4. Filiza yodzala imafika maola 48, ndipo yokhala na zinthu theka, maola 24. Malaiti akabwela, onani botolo. Ngati mukali tuzidutswa twa aisi, mungaumitsenso. Ngati wasungunuka wonse koma ukali wozizila, mwana aumwe m'maola 24. Ngati wafunda, utayeni.

Kudziŵa woonongeka

Mafuta akayandama pamwamba, si vuto. Zungulizani botolo pang'ono-pang'ono ndipo adzasakanizika. Mkaka woonongeka umanunkha mosasa, ndipo umakhala na zibulumwa zosasungunuka.

Malile amenewa ni a mwana wobadwa pa nthawi yake ndiponso wathanzi. Ngati mwana anabadwa masiku osakwana kapena akudwala, tsatilani malangizo a anamwino ku cipatala.