Mmbulu, kufiira ndi gulugufe: dzina la matenda a lupasi

Papepala la kuchipatala dokotala amangolemba zilembo zitatu, SLE, koma pakamwa amati lupasi. Dzina lonse ndi sisitemiki lupasi erithematosasi. Mawu atatuwa sanabwere tsiku limodzi. Liwu lililonse linawonjezedwa madokotala ataona china chimene am'mbuyo sanachione, ndipo lomwe linabwera pomalizira ndi lomwe wodwala ayenera kulimvetsa kwambiri.

Lakalekale ndi lapakatilo. M'Chilatini, lupusi ndi mmbulu, chilombo chonga galu cha m'nkhalango za ku Ulaya. Asing'anga akale a kumeneko ankatchula dzinali zilonda zodya mnofu ngati kuti chilombo chaluma n'kumwetulapo nthuli. Zambiri mwa zilondazo sizinali lupasi wa lero ayi, zina zinali TB ya pakhungu. Ndiye dzinali n'lobwereka, ndipo limaopseza kuposa momwe khungu la odwala ambiri limaonekera.

Mu 1851 dokotala wa khungu wa ku Paris, Pierre Cazenave, anawonjezera liwu lochokera ku Chigiriki, erithema, kutanthauza kufiira, pofuna kusiyanitsa mmbulu wofiira ndi zilonda zina zija. Ku Vienna, Ferdinand von Hebra anali atafanizira kale maonekedwe a zidzolo za kumasozi ndi gulugufe. Fanizoli analiganizira bwino. Mapiko ndi masaya awiri, thupi la gulugufeyo ndi msana wa mphuno. Liwu lina lomwe mungamve, mala, ndi tsaya basi m'Chilatini.

Vuto la liwu loti kufiira ndi lakuti anthu amene analisankha ankayang'ana khungu la azungu. Pakhungu lakuda gulugufeyu nthawi zambiri safiira. Amaoneka ngati chigamba chakuda kuposa khungu lozungulira, mwina chofiirira, chotupikana pang'ono, ndipo amakula munthu akakhala padzuwa. Chikhalirecho matendawa amagwira anthu akuda kawirikawiri, ndiponso mwamphamvu, kuposa azungu. Wofufuza kufiira kokha amadutsa wodwala ali pamaso pake. Choyenera kuyang'ana ndi malo. Gulugufe wa lupasi amasiya mizere iwiri yotsika kuchokera m'mbali mwa mphuno kupita kukamwa ili bwinobwino. Zidzolo za mfundu ndi mafuta, zija zimachuluka mwa anthu omwe ali ndi HIV, zimakonda m'mizere momwemo ndi m'nsidze. Pelagira, matenda osowa vitamini amene amagwira anthu odalira chimanga chokha, nayenso amadetsa malo owombedwa ndi dzuwa, koma amakonda kuzungulira khosi ndi kumsana kwa manja, ndipo amabwera ndi kutsegula m'mimba. Mafuta oyeretsa khungu nawo amawononga masaya mofananako, choncho dokotala akafunsa zomwe mumadzola, ndi bwino kungomuonetsa botolo lake.

Liwu lachitatu, sisitemiki, limachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza kuimika pamodzi, ndiko kuti zinthu zambiri zogwirizana kukhala chimodzi. Mu 1872 Moritz Kaposi, mkamwini wa Hebra, yemweyo amene dzina lake timalimva pa khansa ya pakhungu ija, analemba kuti odwala ena a zidzolozi ankatentha thupi, kuwonda, kutupa molumikizana mafupa, ena mpaka kumwalira. Kuyambira 1895 William Osler anafotokoza zambiri za impso ndi ziwalo zina za mkati. Lero tikudziwa chifukwa chake. Chitetezo cha mthupi chimasokonezeka n'kuyamba kulimbana ndi mwini wake yemwe. Magazi amafikitsa nkhondoyo paliponse, ndipo khungu ndi malo okhawo amene maso athu amaiona. Si matenda opatsirana.

Tiyerekeze mayi wa zaka 26 wogulitsa tomato pamsika, amene amakhala padzuwa kuyambira m'mawa. Pa odwala 10 alionse, pafupifupi 9 ndi akazi, ambiri a msinkhu wobereka, ndiye iyeyu si wachilendo. Masaya ada, akuti ndi dzuwa. M'mawa zala ndi mikono zimauma, dzanja lamanja ndi lamanzere mofanana, moti kumanga chitenje n'kovuta mpaka dzuwa litakwera. Kunyumba akuti ndi nyamakazi. Liwu limeneli ndi thumba lalikulu kwambiri. Limanyamula bondo la agogo lotha ndi ukalamba pamodzi ndi zala za mtsikana zotupa ndi lupasi, ndipo munthu akangolitchula mafunso amatha. Thupi limatentha, koma akayeza malungo sawapeza. Tsitsi likuthothoka pamphumi. Akanayasamula pagalasi akanaona chilonda kumwamba kwa m'kamwa, koma sichipweteka, ndiye sakuchidziwa.

Chilichonse mwa izi pachokha chili ndi chifukwa china chosavuta. Zikakumana mwa munthu mmodzi, khungu, mafupa, kutentha thupi, tsitsi ndi m'kamwa, ndiye kuti nkhani yachoka pakhungu. Apa ndi pamene mkodzo uyenera kuyezedwa, ngakhale wodwalayo asakudandaula nawo. Impso zikagwidwa ndi lupasi sizipweteka. Zimangoyamba kutaya mapuloteni ndi timagazi tosaoneka ndi maso, ndipo pofika nthawi yoti mkodzo uchite thovu, mapazi atupe, zikope zidzuke zotupa m'mawa, vuto limakhala litapita patali. Kapepala koviika mumkodzo kamasintha mtundu m'mphindi imodzi kapena ziwiri. Ine ndimaona kuti palibe chotchipa chimene chimathandiza wodwala wotere kuposa kapepala kameneka, pamodzi ndi kuyeza kuthamanga kwa magazi.

Pamagazi amayang'ana ngati maselo ofiira, oyera ndi aja othandiza magazi kuundana atsika. Kenako pali ANA, kuyeza kopeza asilikali a mthupi amene atembenukira maselo a mwini wake. Pafupifupi wodwala lupasi aliyense amapezeka nawo, koma anthu ena athanzi alinso nawo. Choncho akasowa, lupasi amakayikitsa kwambiri, koma akapezeka sizitanthauza kuti mlandu watha. Dokotala amaphatikiza ndi zizindikiro zija komanso kuyeza kwina, monga anti-dsDNA.

Si wodwala aliyense amakhala ndi gulugufe. Pafupifupi theka sakhala naye n'komwe. Palinso mtundu wina, disikoidi, dzina lochokera ku liwu la Chigiriki la chinthu chozungulira chaphwatalala. Umapanga zigamba m'mutu, kumaso ndi m'makutu, pakati poyera, m'mbali mwakuda, n'kusiya zipsera ndi dazi losameranso. Anthu amausokoneza ndi zipere. Uwu ndiye umafanana ndi kuluma kwa mmbulu, komatu mwa ambiri umathera pakhungu pomwepo. Gulugufe sasiya chipsera, koma ndi amene amayenda ndi matenda a thupi lonse.

Mankhwala oyambira ndi haidirokisikolorokwini, m'bale wake wa kolorokwini uja Malawi anasiya kudalira pa malungo mu 1993. Mlingo wake supitirira mamiligalamu 5 pa kilogalamu iliyonse patsiku, ndiye mayi wathu akakhala wa makilogalamu 60, malire ake ndi 300. Amachedwa kugwira, mwina miyezi iwiri kapena itatu, ndipo wakumwa zaka zambiri amafunika kuyezetsa maso. Puredinisoloni amazimitsa moto msanga, n'chifukwa chake ena amangomugula okha. Koma kumwa nthawi yaitali kumabweretsa shuga, kufooka kwa mafupa ndi matenda monga TB, ndipo kumusiya mwadzidzidzi n'koopsa. Impso zikagwidwa pamafunika mankhwala amphamvu ochepetsa chitetezo, ena mwa iwo ovulaza mwana m'mimba. Mayi wofuna kutenga pakati amalangizidwa kudikira mpaka matenda atakhala chete miyezi 6, ndipo haidirokisikolorokwini amapitiriza kumwa ali woyembekezera.