Dayalisisi: momwe makina amagwirira ntchito ya impso, ndi momwe sabata ya wodwala imayendera

Impso za munthu wamkulu zimasefa madzi a m'magazi okwana pafupifupi malita 180 pa tsiku. Ambiri mwa madziwa zimawabwezera m'thupi, ndipo zimangotaya lita imodzi kapena awiri ngati mkodzo, pamodzi ndi zinyalala ndiponso mchere wopitirira muyeso. Zimachita zimenezi usana ndi usiku, maola 168 pa sabata. Makina a dayalisisi amapatsidwa maola 12 okha pa sabata kuti agwire ntchito yomweyo. Pafupifupi zonse zimene wodwala ndi abale ake amakumana nazo, kuyambira malire a madzi akumwa mpaka kuopsa kwa kuphonya tsiku, zimachokera pa kusiyana kwa manambala awiriwa.

Madokotala amayamba kukamba za dayalisisi mphamvu ya impso ikatsika kufika pa magawo 10 kapena 15 pa 100, makamaka zizindikiro zikaoneka: kutupa miyendo ndi nkhope, kubanika, nseru yosatha, kuyabwa thupi lonse ndi kufooka. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi ndiwo amatsogola powononga impso mwakachetechete kwa zaka zambiri, ndipo impso zowonongeka motere sizichiranso. Dayalisisi ya munthu wotere ndi ya moyo wake wonse, pokhapokha atapatsidwa impso ina. Nkhani ndi ina kwa munthu amene impso zake zaima mwadzidzidzi chifukwa cha malungo aakulu, kutaya magazi pobereka kapena kutsekula m'mimba koopsa. Iyeyu angafune makina kwa masiku kapena masabata ochepa, impso n'kudzukanso. Banja liyenera kufunsa dokotala msanga kuti wodwala wawo ali mbali iti.

Zimene zimachitika m'makina

Magazi amatuluka m'thupi kudzera m'kapaipi, ndipo pampu imawakankha pa liwiro la mamililita 300 mpaka 400 pa mphindi kupita m'sefa. Sefayo ndi botolo lalitali ngati mkono wa mwana, lodzaza ndi timapaipi masauzande ambiri tooneka ngati ulusi. Magazi amayenda m'kati mwa timapaipiti, pomwe kunja kwake kukuyenda madzi oyeretsedwa, osakanizidwa ndi michere pa muyeso woyenera, molowera kosiyana ndi magazi. Makoma a timapaipiti ali ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Zinyalala monga yureya ndiponso mchere wa potaziyamu zimadutsa timabowoto kuchoka kumene zachuluka kupita kumene zachepa, monga momwe tiyi amafalikira m'madzi otentha. Maselo a magazi ndi aakulu, sangadutse, choncho amabwerera m'thupi. Madzi ochuluka amachotsedwa mwa njira ina: makina amawakoka ndi mphamvu, ndipo namwino ndiye amaika muyeso wa malita oti achotsedwe.

Magazi amene amakhala kunja kwa thupi pa nthawi imodzi ndi ochepa, pafupifupi kapu imodzi. Sasinthidwa ndi a munthu wina, monga ena amaganizira. Ndi magazi a wodwala yemweyo amene amazungulira kambirimbiri. Koma madzi otsukira ndi ambiri zedi. Pa mamililita 500 pa mphindi, maola anayi amadya malita 120 kwa wodwala mmodzi. N'chifukwa chake madzi kapena magetsi akavuta pachipatala, ndandanda yonse imasokonekera.

Kuti magazi atuluke mwaliwiro chotere pamafunika khomo. Labwino koposa ndi fisitula ya pamkono, imene ilibe ubale ndi matenda a amayi odziwika ndi dzina lomwelo. Dokotala amalumikiza mtsempha wochokera kumtima ndi mtsempha wobwezera magazi, ndipo wachiwiriwu umakula n'kulimba kufikira utatha kulandira singano ziwiri katatu pa sabata. Kukhwima kwake kumatenga masabata 6 mpaka 8, nthawi zina miyezi ingapo. Ukaika zala pa fisitula yamoyo umamva kunjenjemera kosalekeza. Kukasiya, ndiye kuti magazi aundana, ndipo wodwala apite kuchipatala tsiku lomwelo. Mkono umenewo sayezerapo kuthamanga kwa magazi, satengapo magazi, ndipo munthu asaugonere. Amene afika mochedwa amaikidwa kapaipi mumtsempha wa m'khosi. Kamagwira ntchito nthawi yomweyo, koma ndi njira yolunjika ya tizilombo kulowa m'magazi. Wodwala wa kapaipi akatentha thupi kapena kunjenjemera ndi kuzizidwa, asangoti ndi malungo n'kugula mankhwala. Apite kumene amalandira dayalisisi.

Sabata ya masiku atatu

Ndandanda yodziwika ndi ya Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, kapena Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka, maola anayi tsiku lililonse. Maola anayiwo ndi a pamakina pokha. Mukawonjeza ulendo, kudikira, kuyezedwa, kubayidwa singano, ndi kupanikiza pobayidwapo kwa mphindi 10 kapena kuposa kuti magazi aleke, theka la tsiku lapita. Ambiri amatuluka ali ofooka ndipo amafuna kugona maola angapo. Si ulesi, ndipo masabata oyamba ndi bwino kuti wina aziwaperekeza.

Masiku asanu ndi awiri sagawika bwino patatu. Wotsika pamakina Lolemba masana amabwerera Lachitatu m'mawa patatha maola pafupifupi 44, koma wotsika Lachisanu amadikira maola 68 kufikira Lolemba. Kafukufuku wasonyeza kuti imfa ndi kugonekedwa m'chipatala zimachuluka pa tsiku lotsatira mpata wautaliwu. Mwatsoka, mpatawu umagwera pa Loweruka ndi Lamlungu, masiku a maukwati ndi kuchezerana, pamene chakudya ndi zakumwa zimachuluka.

Tiyerekeze bambo amene impso zake zinasiyiratu kupanga mkodzo. Madokotala apeza kuti akakhala wopanda madzi owonjezera amalemera makilogalamu 60, ndipo nambala imeneyi ndiyo chandamale cha tsiku lililonse la dayalisisi. Lolemba m'mawa sikelo yaonetsa 63. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho pali malita 3 oti achoke m'maola anayi, kutanthauza mamililita 750 pa ola. Tikagawa ndi kulemera kwake, tipeza mamililita 12.5 pa kilogalamu iliyonse pa ola, pafupi kwambiri ndi 13, malire amene madokotala ambiri safuna kuwadutsa. Tsono tinene kuti Loweruka anali ku ukwati, anamwa thobwa ndi zoziziritsa kukhosi, ndipo wabwera ndi makilogalamu 65. Malita 5 m'maola anayi ndi mamililita 1,250 pa ola, pafupifupi 21 pa kilogalamu. Makina amachotsa madzi m'mitsempha, pomwe ambiri ali m'minofu ndi m'mapapo, ndipo amalowa m'mitsempha pang'onopang'ono. Akakokedwa mwaliwiro chotero, kuthamanga kwa magazi kumatsika, miyendo imakokana, munthu amachita chizungulire ndi kusanza, mtima n'kuvutika. Namwino amakakamizika kuchepetsa liwiro, ndipo bamboyo amapita kwawo ndi lita imodzi kapena awiri otsala, amene adzawonjezeka pa a Lachitatu.

Apa ndi pamene pamachokera lamulo la madzi. Odwala ambiri amaloledwa pakati pa theka la lita ndi lita imodzi pa tsiku, kuwonjezera pa muyeso wa mkodzo umene akupangabe. Chiwerengerochi chikuphatikiza tiyi, phala, msuzi, mavwende ndi madzi omwera mankhwala. Koma mdani weniweni ndi mchere, popeza ndiwo umadzetsa ludzu. Kuuza munthu kuti asamwe uku mukumupatsa usipa wamchere, tchipisi ndi ndiwo zothira timibulu tokometsera n'kumuzunza chabe. Wophika ali ndi mphamvu pa sikelo ya Lolemba kuposa wodwala mwini.

Madzi amaoneka, potaziyamu saoneka. Mcherewu ukadutsa 6 pa zotsatira za magazi, pomwe muyeso wabwino ndi 3.5 mpaka 5, ukhoza kuimitsa mtima popanda chenjezo, ngakhale nthawi zina miyendo imalemera kapena milomo kuchita dzanzi. Umapezeka wambiri mu nthochi, mapeyala, mbatata, kachewere, tomato, nyemba ndi masamba. Kudula kachewere kapena masamba tizidutswa, kuwiritsa m'madzi ambiri ndi kutaya madziwo kumauchepetsa. Chidulo cha phulusa chili ndi potaziyamu wambiri, chimodzimodzinso mchere wa m'masitolo umene amautsatsa kuti ndi wabwino kwa odwala mtima. Mankhwala azitsamba nawo akhoza kuunjikana m'thupi lopanda impso. Wodwala akaphonya Lachisanu, amakhala kuyambira Lachitatu mpaka Lolemba osasefedwa, ndipo akhoza kumva bwinobwino mpaka ola lomaliza. Tsiku likaphonyeka, imbani foni kuti apatsidwe malo mawa lake. Kulephera kugona chagada chifukwa chobanika n'chizindikiro choti madzi afika m'mapapo, ndipo sichidikira kuti kuche.

Pali ntchito zina za impso zimene makina sazigwira konse. Impso zimatulutsa chinthu cholamula mafupa kupanga magazi, motero odwala ambiri amalandira jakisoni wa eritiropoyetini ndi ayironi. Zimathandizanso vitamini D kulimbitsa mafupa, ndipo makina sachotsa fosiforasi yense, choncho pali mapiritsi omwera pamodzi ndi chakudya, osati patapita nthawi.

Njira ya m'mimba, ndi za ulendo

Njira yachiwiri imagwiritsa ntchito nembanemba ya m'mimba ngati sefa. Wodwala amathira malita pafupifupi 2 a madzi apadera kudzera m'kapaipi ka pamimba, amawasiya maola angapo, kenako n'kuwatulutsa, kanayi pa tsiku. Ena amalumikizidwa ku kamakina usiku akugona. Popeza imachitika tsiku ndi tsiku kunyumba, malire a zakudya amapepukako. Choopsa chake ndi tizilombo: madzi otuluka akakhala ambuu kapena m'mimba mukamapweteka, n'zofuna chipatala msanga.

Kapezekedwe ka thandizoli kamasiyana ndi dziko. Ku Britain limaperekedwa ndi boma kwa oyenerera, ndipo ku United States lamulo la 1972 linachititsa kuti Medicare izilipirira odwala ambiri. Ku South Africa zipatala za boma zimasankha, ndipo kawirikawiri zimalandira okhawo amene angathe kudzaikidwa impso ina. Khoti lalikulu loona za malamulo a dzikolo linavomereza kusankhaku mu 1997 pa mlandu wa Thiagraj Soobramoney. Ku Malawi makina alipo pa zipatala za Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, koma ofuna ndi ambiri kuposa malo. Kumene makina achepa, odwala amalandira kawiri pa sabata, ndipo mpata umafika masiku atatu kapena anayi, kotero malire a madzi ndi potaziyamu amakhwima kwambiri.

Wodwala wokhala kunja amene akufuna kukaona kumudzi ayenera kupeza malo otsimikizika pamakina asanagule tikiti, ndipo zimenezi zimatenga masabata angapo. Chipatala cholandira chimafuna kalata yosonyeza kulemera kwake, mankhwala ake ndi zotsatira zatsopano za matenda a chiwindi a mtundu wa B ndi C komanso HIV. Uthenga wa maliro sudikira dongosolo lotere, choncho ndi bwino abale agwirizane pasadakhale za amene adzapite m'malo mwake.