Cloud Optimized GeoTIFF: kasanjidwe ka chithunzi cha setilaiti kothandiza mapu kutseguka msanga

Cloud Optimized GeoTIFF, mwachidule COG, ndi fayilo ya chithunzi cha dziko chojambulidwa kuchokera m'mwamba, yomwe mkati mwake mwasanjidwa kuti munthu athe kutengako kachigawo kamene akufuna pa intaneti popanda kukopera fayilo yonse. Dzina lake limathera ndi `.tif` monga GeoTIFF ina iliyonse, ndipo pulogalamu yakale yotsegulira mapu imaiwerenga bwinobwino. Chosiyana ndi malo amene chinthu chilichonse chaikidwa mkati mwa fayiloyo.

TIFF inayamba mu 1986. M'zaka za m'ma 1990 akatswiri, mmodzi mwa iwo Niles Ritter wa ku NASA, anawonjezeramo malo olembapo kuti chithunzicho chili pati padziko, ndipo iyi ndiyo GeoTIFF. Kasanjidwe ka COG kanayamba kufala cha m'ma 2016. Pulogalamu ya GDAL, yomwe QGIS imadalira powerenga zithunzi, inapeza njira yachindunji yolembera COG mu 2020, ndipo mu 2023 bungwe la Open Geospatial Consortium linavomereza COG kukhala muyeso wake. Zithunzi za Landsat zochokera ku USGS, za Digital Earth Africa ndi za pa OpenAerialMap zimagawidwa m'njira imeneyi.

Kukula kwa vuto mu Lilongwe

Sentinel-2 imapereka zithunzi zaulere masiku asanu alionse, koma pikiselo yake imodzi imaimira mamita 10. Pa chithunzi chotero Mgona ndi banga lotuwa chabe, chifukwa nyumba zambiri kumeneko sizidzaza ngakhale pikiselo imodzi. Wofuna kuwerenga madenga, kutsata ngalande, kapena kuona nyumba zomwe zayandikira mtsinje ku Kawale ndi ku Biwi, kumene madzi osefukira amalowa m'makomo nthawi ya dzinja, amafunika chithunzi cha masentimita 50 kapena 30, mwinanso cha droni. Luso loulutsa droni lilipo ndithu mumzindawu, makamaka chitsegulireni African Drone and Data Academy mu 2020. Chimene chimavuta nthawi zambiri ndi kufikitsa chithunzicho kwa anthu oti achigwiritse ntchito.

Tiyerekeze chithunzi cha masentimita 50 chokuta makilomita 20 m'litali ndi 20 m'lifupi, kuchokera ku Area 25 kumpoto kukafika ku Area 23 ndi ku Chinsapo kumwera. Mbali iliyonse ili ndi mapikiselo 40,000, ndipo onse pamodzi ndi 1,600,000,000. Pikiselo iliyonse imadya mabaiti atatu, la mtundu wofiira, la wobiriwira ndi la wabuluu, choncho fayiloyo isanapanikizidwe ndi magigabaiti 4.8. TIFF yachikale sipitirira magigabaiti 4, ndiye iyi ingafune BigTIFF. Munthu wa komiti ya chitukuko ku Biwi amene wagula bandulo ya tsiku limodzi sangaikopere, ndipo sakuifuna yonse. Akufuna kuona msewu wake ndi ngalande yake.

Foni ya mapikiselo 1,080 ndi 1,920 imaonetsa malo a mamita 540 ndi 960 pa chithunzi chimenechi. GeoTIFF wamba imasunga chithunzi m'mizere yopingasa kuchokera kumadzulo mpaka kum'mawa, mzere uliwonse mabaiti 120,000. Kuti mudzaze foniyo muyenera kuwerenga mizere 1,920 yathunthu, yomwe ndi mamegabaiti 230, pamene zooneka pa foni ndi mamegabaiti 6 okha. Zotsalazo ndi za madera ena a mzindawu amene simunawafunse.

Zimene COG imasintha

Choyamba, chithunzi chimadulidwa m'matailosi, monga a pansi m'nyumba, kawirikawiri a mapikiselo 512 mbali zonse. Chithunzi chathu chimatulutsa matailosi 79 m'litali ndi 79 m'lifupi, onse 6,241, lililonse lokuta mamita 256. Tailosi lililonse limapanikizidwa palokha, kotero likhoza kutengedwa ndi kutsegulidwa popanda anzake. Foni ija imadzazidwa ndi matailosi pakati pa 12 ndi 20. Ngati JPEG yachepetsa tailosi kufika pa makilobaiti 80, zomwe sizachilendo pa chithunzi cha m'tauni, ndiye kuti munthu wa ku Biwi wawononga pafupifupi megabaiti imodzi ndi theka.

Koma mapu akamatseguka, amayamba ndi mzinda wonse, osati msewu umodzi. Pakanakhala matailosi okha, poonetsa Lilongwe yense pakanafunika onse 6,241. N'chifukwa chake mufayilo momwemo mumasungidwanso zithunzi zochepetsedwa, zimene GDAL imazitcha `overviews`. Chilichonse ndi theka la chinzake: mapikiselo 20,000, kenako 10,000, 5,000, 2,500, 1,250, 625, mpaka 313, chomwe chimakwana m'tailosi limodzi. Pulogalamu imasankha chimene chikugwirizana ndi mmene mwakuziramo mapu. Zisanu ndi ziwiri zonsezi zimangowonjezera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu pa kukula kwa fayilo, ndipo palibe malo ena a pa seva amene amagwira ntchito yaphindu kuposa amenewa.

Chachitatu ndi kalozera. TIFF ili ndi ndandanda yonena kuti tailosi lakuti likuyambira pa baiti yakuti ndipo ndi lalitali chonchi. Mu TIFF wamba ndandandayi ikhoza kukhala paliponse, ngakhale kumapeto. Mu COG imaikidwa kumayambiriro, kenako zithunzi zochepetsedwa kuyambira chaching'ono kwambiri, ndipo chachikulu chimakhala komalizira. Pulogalamu imawerenga makilobaiti ochepa oyambirira, n'kudziwa pamene chilichonse chili.

Zonsezi zimatheka chifukwa HTTP imalola kupempha gawo la fayilo. Pulogalamu imatumiza `Range: bytes=0-16383`, seva n'kuyankha `206 Partial Content` ndi mabaiti okhawo. Ngakhale dzina lake limatchula mtambo, COG siifuna kampani yayikulu yakunja. Seva wamba ya Nginx kapena Apache ya mu ofesi imatha kuigawa.

Kupanga ndi kuyesa

```
gdal_translate lilongwe.tif lilongwe_cog.tif -of COG \
  -co COMPRESS=JPEG -co QUALITY=80 \
  -co OVERVIEW_RESAMPLING=AVERAGE -co BIGTIFF=IF_SAFER
```

Lamulo limeneli limadula matailosi, kupanga zithunzi zochepetsedwa ndi kusanja zonse nthawi imodzi. Kusankha kapanikizidwe ndiye nkhani yofunika kuiganizira. JPEG imataya tina ndi tina timene diso silitiona, choncho ndi yabwino pa chithunzi chongoyang'ana. Siyenera kugwiritsidwa ntchito pa fayilo yomwe manambala ake adzawerengedwe, monga ya kukwera ndi kutsika kwa nthaka yofufuzira kumene madzi amathamangira, kapena ya Sentinel-2 yoyezera zomera. Pamenepo ikani `DEFLATE` kapena `ZSTD`, zomwe sizisintha nambala ngakhale imodzi. Chimodzimodzi ndi `AVERAGE`: pa mapu a magulu, pomwe 1 ndi nyumba ndipo 3 ndi madzi, pakati pa ziwirizi pamatuluka 2, yemwe mwina akuimira munda umene kulibe. Mapu otero amafuna `NEAREST` kapena `MODE`.

Palinso nkhani ya muyeso wa malo. Zithunzi za Lilongwe zimabwera kawirikawiri mu UTM 36S, ndiye kuti `EPSG:32736`, pamene mapu a pa intaneti amagwiritsa ntchito `EPSG:3857`. Mukhoza kusiya fayilo mmene ilili, seva yonga TiTiler n'kumatembenuza tailosi lililonse likapemphedwa, kapena kuitembenuziratu powonjezera `-co TILING_SCHEME=GoogleMapsCompatible`. Njira yachiwiri imafulumizitsa mapu chifukwa matailosi a mufayilo amagwera ndendende pa a mapu, koma mapikiselo amakhala atasunthidwa. Nzeru yake ndi kusunga ziwiri: yoyambirira yowerengera, ndi yotembenuzidwa yoonetsera. Wosanjika chithunzi pa mapu akale a boma asamalenso, pakuti ambiri a iwo anatsata Arc 1950, ndipo chithunzi chikhoza kuoneka chotsetsereka ndi mamita mazana angapo ngakhale COG ilibe vuto.

Fayilo ikatuluka, `rio cogeo validate lilongwe_cog.tif` imanena ngati yasanjidwa bwino, ndipo `gdalinfo` iyenera kuonetsa `Block=512x512` ndi mzere wa `Overviews`. Mukaona `Block=40000x1`, dziwani kuti ikadali ya mizere. Seva nayo iyenera kuyesedwa payokha:

```
curl -s -o /dev/null -D - -r 0-16383 \
  https://example.org/lilongwe_cog.tif
```

Zimene zimalakwika

Yankho likakhala `200 OK` m'malo mwa 206, seva yanyalanyaza pempho la gawo ndipo ikutumiza fayilo yonse. Izi zimachitika kawirikawiri fayilo ikamaperekedwa kudzera pa batani lokopera la pulogalamu ina, kapena seva ikamaipanikizanso ndi gzip potumiza. Ili ndi vuto loipitsitsa chifukwa silioneka: mu ofesi ya netiweki yabwino mapu amatseguka pakapita nthawi, wopanga n'kuganiza kuti zili bwino, pamene kwa wa foni bandulo yatha chithunzi chisanatuluke.

Mapu akamathamanga mukawakuza kwambiri koma n'kuima mukafuna mzinda wonse, zithunzi zochepetsedwa palibe. Akamatseguka mu QGIS koma osaoneka pa tsamba lopangidwa ndi OpenLayers, nthawi zambiri seva sinalole CORS, ndipo bulawuza ikukana kuwerenga fayilo ya pa adiresi ina. COG ikhozanso kusiya kukhala COG: mukaisintha ndi `gdaladdo` kapena kulembamo zina, zatsopanozo zimakagwera kumapeto, ndipo muyenera kuipanganso.

Kuchedwa kwina sikuchokera ku kukula kwa mabaiti koma ku mtunda. Pempho lililonse limapita ku seva n'kubwerera, ndipo pulogalamu singapemphe matailosi isanalandire kalozera. Seva ikakhala ku America, maulendo otsatizanawa amaonjezereka mpaka munthu n'kumva kuti mapu akukoka. Ichi ndi chifukwa chimodzi chimene kusunga zithunzi ku Cape Town, monga imachitira Digital Earth Africa, kuli kothandiza kwa ife a kuno. GDAL nayo imakonda kuyamba yafufuza mafayilo ena oyandikana ndi yomwe mwaitsegula, ndipo `GDAL_DISABLE_READDIR_ON_OPEN=EMPTY_DIR` imaletsa maulendo achabewo. Mwa chifukwa chomwechi, matailosi ang'ono kwambiri amachulukitsa mapempho, ndipo aakulu kwambiri amabweretsa malo osafunika. 256 kapena 512 ndiwo amakwanira.

COG ya pa seva siichita chilichonse pamalo opanda netiweki. Gulu loyenda khomo ndi khomo ku Chinsapo kapena ku Mgona, kumene foni ikhoza kugwira pano n'kusiya apo, liyenera kudula dera lake likadali ku ofesi, kulisandutsa MBTiles ndi kuliika m'mafoni. Dera la makilomita awiri mbali zonse pa chithunzi chathu ndi mapikiselo 4,000 ndi 4,000, matailosi pafupifupi 64, mamegabaiti osafika 10. Ndipo podula gawolo, `gdal_translate` ndi `-projwin` pa adiresi yoyamba ndi `/vsicurl/` imakoka matailosi okhawo kuchokera mu COG ya pa seva.