Kalata yoperekeza

Mawu oti kalata yoperekeza amatanthauza kalata imene imatsagana ndi CV munthu akamafunsira ntchito. Pa imelo, funso ndi lakuti ikhale pati: m'kati mwa uthenga, kapena ngati fayilo yapadera?

Chilengezo cha ntchito ndicho chimalamula. Akanena kuti kalata ndi CV zibwere ngati mafayilo, tumizani PDF, chifukwa fayilo ya Word imatha kusokonekera maonekedwe ikatsegulidwa pa foni kapena pa kompyuta ina. Mu uthengamo lembani ziganizo zitatu kapena zinayi: ntchito mukufunsirayo, kumene munaiona, ndi mafayilo mwatumizawo. Osausiya wopanda kanthu, umaoneka ngati watumizidwa mwangozi.

Akapanda kunena, ine ndimakonda kuti kalatayo ikhale m'kati momwemo, ndime zitatu zazifupi, popanda adiresi ndi deti pamwamba, poti deti imelo imaonetsa yokha. Wolemba anthu ntchito amawerenga pompo, osatsitsa fayilo.

Pa Subject lembani dzina la ntchito monga lilili m'chilengezo, nambala yake ngati ilipo, kenako dzina lanu. Mukangolemba "CV", tsiku losankha akamafufuza ndi dzina la ntchitoyo, imelo yanu ikhoza kusaoneka.